Selo la B likasiya IgM n'kuyamba IgG kapena IgE, chimasintha n'chiyani?

*Adokotala, ndikuphunzira za labotale kuno ku Mzuzu, chaka chachiwiri. M'kalasi anangotiuza kuti pa kachipangizo koyezera magazi mzere wa IgM ndi matenda atsopano, wa IgG ndi akale, koma amatinso selo la B lomwelo ndi limene limasintha. Likasintha siliiwala kachilombo? Nanga chimasankha n'chiyani kuti ikhale IgG kapena IgE? Mng'ono wanga ali ndi mphumu ndipo IgE yake ndi yokwera. Maselo akewo angabwerere ku IgG? Wophunzira, Luwinga*

Achemwali, siliiwala ayi. Antibodi, chida chimene selo la B limapanga kuti chigwire tizilombo, ili ndi mbali ziwiri zosiyana ntchito, ndipo kusinthaku kumakhudza mbali imodzi yokha. Kumutu kuli manja awiri ogwira kachilombo, ndipo manja amenewa anaumbidwa kale selo lidakali m'mafupa, lisanaonepo mdani aliyense. Kumchira n'kumene kumauza thupi chochita ndi chimene chagwidwacho. Mwaonapo khasu likaguluka: mwini wake amasema mpini wina, wautali kapena waufupi malinga ndi amene akalimire, koma chitsulo n'chomwecho. Selo la B limachita zotere. Mutu wogwira chikuku umakhalabe wogwira chikuku. Mchira ndi umene umachoka pa wa IgM n'kukhala wa IgG, IgA kapena IgE.

Mchira si kanthu kochepa. IgM imatuluka m'selo zisanu zitamangana pamodzi ngati nyenyezi, manja 10 onse. N'chifukwa chake imathandiza m'masiku oyamba: dzanja lililonse palokha siligwira mwamphamvu, koma akagwira ambiri nthawi imodzi kachilombo sikapulumuka, ndipo IgM ndi katswiri podzutsa mapuloteni a m'magazi oboola mabakiteriya. Vuto lake ndi thunthu. Imalemera pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa IgG, ndiye imakhala m'mitsempha, silowerera bwino m'minofu, sidutsa nsengwa kupita kwa mwana, ndipo pakatha masiku 5 theka lake limakhala litatha. IgG imayenda yokhayokha, imafika m'minofu, maselo odya tizilombo amaigwira kumchira n'kumeza chimene yanyamula, ndipo yambiri imatenga masiku 21 kuti itsike ndi theka. IgE ndi yochepetsetsa m'magazi, kuchepa kuposa IgG maulendo opitirira 10,000, chifukwa malo ake si m'magazi kwenikweni. Imakakamira pa maselo a masiti, oyambitsa ziwengo, pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo n'kumadikira.

Tsono pamene m'kalasi ambiri amadumpha ndi apa: kusinthaku kumachitika podula DNA. Selo silimangotseka chigawo china n'kutsegula china monga timachitira ndi siwitchi ya magetsi.

Pa kulomozomu 14 pali malangizo a tcheni cholemera cha antibodi. Koyambirira kuli chigawo cha mutu, chimene mabuku amalemba VDJ. Kutsogolo kwake kwandandalikana zigawo za michira yonse, m'ndondomeko iyi: ya IgM, IgD, IgG3, IgG1, IgA1, IgG2, IgG4, IgE, ndipo kumapeto IgA2. Ndondomeko imeneyi muiloweze pamtima, chifukwa yankho la mng'ono wanu lagona m'menemo. Selo limawerenga mutu kenako mchira umene wayandikana nawo. Poyamba woyandikana ndi wa IgM, ndiye selo lililonse la B limayambira pa IgM, lifune lisafune. IgD imakhalapo limodzi nayo pakhungu la selo, koma imeneyo sifuna kudula DNA.

Kuti mchira wa IgG1 ufike pafupi ndi mutu, zonse zili pakati ziyenera kuchoka. Taganizani za telala wa kumsika wa Taifa atatenga nsalu yaitali yokhala ndi maluwa osiyanasiyana motsatana. Kasitomala akufuna kuti kolala ilumikizane ndi duwa lachinayi. Telala amapinda nsaluyo kuti malo awiriwo akumane, amadula uku ndi uku, amasoka, ndipo chidutswa chapakati chimagwa pansi. M'selo chidutswacho chimalumikizana chokha n'kukhala kamkombero, ndipo selo likamagawikana chimasowa. Sichibwereranso.

Malo odulawo alipo kale. Kumbuyo kwa mchira uliwonse, mbali ya kumutu, kupatula wa IgD, kuli dera la zilembo zobwerezabwereza lotchedwa S. Lumo lake limayamba ndi enzaimu yotchedwa AID, imene gulu la Tasuku Honjo ku Kyoto linaipeza mu 1999, ndipo mu 2000 zinatsimikizika kuti popanda iyo kusinthaku sikuchitika. Chodabwitsa n'choti AID payokha sidula. Imangosandutsa chilembo C kukhala U, chilembo chimene sichiyenera kupezeka mu DNA. Okonza DNA a m'selo akaona U amathamangira kukamuchotsa: enzaimu ya UNG imazula chilembocho, ina imacheka pamene patsala mpatapo. Popeza dera la S ladzaza ndi malo otere, mabala amachuluka pa zingwe zonse ziwiri mpaka DNA imaduka. Ikaduka pa S ya IgM ndi pa S ya mchira wofunidwawo, osoka a m'selo amalumikiza mapeto awiriwo. Mutu wa VDJ uli kumbuyo kwa malo onse odulidwa, lumo siliufika.

Kudula DNA dala ndi masewera oopsa, ndipo nthawi zina osoka amalumikiza polakwika. Khansa ya Burkitt, imene timaiona kwa ana kuno itatupitsa nsagwada kapena mimba, imabwera pamene chigawo cha MYC cha pa kulomozomu 8, cholimbikitsa selo kugawikana, chasokedwa pafupi ndi malangizo a antibodi, kawirikawiri pa kulomozomu 14 pomwepa. AID ili ndi dzanja pa ngozi imeneyi, ndipo malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilombo ka EBV zimachititsa maselo a B kuyatsa AID kwambiri. Ndaitchula kuti muone chifukwa chake thupi sililola selo kutenga lumo popanda chilolezo.

Chilolezocho chimachokera kwa selo la T lothandiza, la CD4 lija mumawerenga pamakina. Selo la B likagwira kachilombo mu mwanabele kapena m'kapamba, limakameza, limakaphwanya, n'kuika tizidutswa take pakhungu. Kenako limasendera kumalire a dera la maselo a T. Likakumana ndi selo la T lozindikira kachidutswa komweko, awiriwa amagwirana kwa kanthawi. Selo la T limatulutsa puloteni ya CD40L imene imalowa pa CD40 ya selo la B, ngati kiyi paloko. Kugwirana kumeneku n'kumene kumayatsa AID, ndipo selo la B limayamba kugawikana mofulumira. Kusintha kumabwera selo litagawikana kangapo, masiku ochepa chikumanirane ndi kachilombo.

Apa ndikonze pang'ono mawu oti selo lomwelo. Selo limene lakhwima kale n'kukhala fakitale yotulutsa IgM, la pulazima, lazimitsa AID ndipo silisinthanso. Lidzafa likupanga IgM. Amene amasintha ndi abale ake, ana ndi zidzukulu za selo loyamba lija. Banja ndi limodzi, mutu ndi umodzi, koma ena anathamangira kunkhondo ndi IgM pamene ena anatsala n'kudula DNA. N'chifukwa chake pali sabata kapena masabata amene mizere yonse iwiri imaoneka.

CD40L imangoti dula, sinena pati. Chonena malo ndi timauthenga timene selo la T limathira pa selo la B pa nthawi yogwiranayo. AID imagwira ntchito pa DNA yokhayo imene yatambasuka chifukwa ikuwerengedwa. Ndiye uthenga uliwonse umatsegula dera la S la mchira wina, selo limayamba kuwerenga pamenepo ngakhale kuti zowerengazo sizipanga puloteni, ndipo AID imapeza polowera. Mwa mauthengawa, IL-4, mothandizana ndi IL-13, imatsegula la IgE ndi la IgG4. IL-21 imakankhira ku IgG1 ndi IgG3, zimene zimalimbana bwino ndi mavairasi ndi mabakiteriya ambiri. TGF-β imatsogolera ku IgA ya m'matumbo ndi mu mkaka wa m'mawere. Ndipo uthenga umene selo la T lidzapereke umadalira mmene mdani analowera. Vairasi imadzutsa maselo a T a mtundu wina. Nyongolotsi yoboola khungu kapena matumbo imadzutsa a mtundu wotulutsa IL-4. Mukamawerenga mabuku samalani, matebulo ambiri a zimenezi ndi a mbewa, ndipo mayina a IgG za mbewa safanana ndi athu.

Umboni woti selo la T n'lofunika uli kusikelo ya ana. Mabakiteriya a chibayo ndi a taifodi amavala chikhoto cha shuga. Selo la B likhoza kugwira shugayo, koma maselo a T othandizawa amawerenga tizidutswa ta puloteni. Katemera wa shuga yekha amabweretsa IgM yambiri, IgG yochepa, kukumbukira kofooka, ndipo kwa ana osakwana zaka 2 sagwira bwino. Anzeru anamangirira shugayo ku puloteni. Selo la B limagwira shuga, limameza zonse, limaonetsa puloteni, selo la T limapereka CD40L, ndipo IgG yolimbana ndi shuga imatuluka. Katemera wa PCV13 amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, ndi wa taifodi amene analowa mu 2023, onse ndi a njira imeneyi.

Tsopano za mng'ono wanu. Bwererani ku ndondomeko ija. Michira yonse inayi ya IgG ili kumbuyo kwa wa IgE. Selo likafika pa IgE, zonsezo zagwa kale pansi pa tebulo la telala. Kutsogolo kwangotsala IgA2. Choncho selo la IgE silingabwerere ku IgG, ngakhale ndi mankhwala. Njira imayenda mbali imodzi: kuchoka ku IgM kupita ku IgE mwachindunji, kapena kudzera pa IgG1 kenako IgE. Njira yachiwiriyi ndi yofunika pa mphumu ndi ziwengo, chifukwa maselo okumbukira a IgE enieni ndi ochepa kwambiri. Kukumbukira kwambiri kumasungidwa m'maselo a IgG, amene akakumananso ndi fumbi lija kapena mungu uja pali IL-4, amadulanso DNA n'kukhala a IgE. Ndicho chifukwa munthu amatha kukhala bwino miyezi ingapo, kenako nyengo ya chinyezi ndi nkhungu za m'makoma ikafika, monga Mzuzu amachitira, chifuwa chimayambiranso kulira usiku.

Izi sizikutanthauza kuti palibe chochita. Thupi likhoza kuumba maselo ena atsopano opanga IgG4 yolimbana ndi chinthu chomwecho, n'kumachigwira chisanafike pa IgE. Alimi a njuchi amene alumidwa kambirimbiri amakhala ndi IgG4 yotere yochuluka, ndipo chithandizo chozoloweretsa thupi pang'onopang'ono chimatsata njira yomweyi. Koma kwa mng'ono wanuyo, chimene chingasinthe usiku wake ndi mankhwala opopera oletsa kutupa kwa njira za mpweya, ogwiritsidwa ntchito monga alembera achipatala, ndi kuchepetsa utsi wa mbaula ndi fumbi m'chipinda chogona. Nambala ya IgE si imene timachiza.

Ndipo nambalayo ndimaikayikira ndisanafunse funso limodzi: amasamba kunyanja? Mwana wopita ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche patchuthi chilichonse akhoza kukhala ndi likodzo, ndipo likodzo ndi njoka za m'mimba zimakweza IgE yonse kwambiri, nthawi zina kuposa mmene mphumu imakwezera. Malire olembedwa pa pepala la zotsatira kawirikawiri anachokera kumayiko kumene nyongolotsi n'zosowa. IgE yokwera pamodzi ndi kuchuluka kwa maselo oyera a m'magazi otchedwa maeyosinofilo kuno kwathu, ine ndimayamba ndapempha mkodzo ndi chimbudzi.

Kuti muone kuti zonsezi si nthano za m'buku, tiyerekeze mwana wamwamuna wa miyezi 8. Miyezi inayi yoyamba anali bwinobwino. Kenako makutu anayamba kutuluka mafinya, chibayo chinabwera kawiri, ndipo tsopano akupuma mwabefu, mpweya m'magazi watsika, chithunzi cha m'chifuwa chikuoneka ngati cha chibayo cha PCP, chimene chimagwira anthu a chitetezo chofooka. Aliyense m'wodi aganiza za HIV, ndipo akulondola kuyambira pamenepo. Koma mayi alibe kachilombo, ndipo DNA-PCR ya mwana yatuluka yabwino kawiri. Mayi akukumbukira kuti mlongo wawo wamwamuna anamwalira ali wakhanda ndi chifuwa chosamva mankhwala. Magazi atumizidwa kokayeza maantibodi, ndipo tinene kuti abwera motere: IgG 0.7 g/L, IgA yosaoneka, IgM 2.4 g/L. Maselo a B alipo okwanira.

Werengani pang'onopang'ono. Miyezi yoyamba ija mwana ankatetezedwa ndi IgG ya mayi yodutsa pansengwa. Popeza imatsika ndi theka masabata atatu alionse, pofika miyezi 6 yatsala yochepa kwambiri, ndipo matenda anayamba pamene inkatha. Maselo a B alipo ndipo akupanga IgM, ndiye fakitale ndi yamoyo. Akanakhala kuti palibe, mitundu yonse itatu ikanatsika limodzi, amenewo ndi matenda ena. Apa michira yonse yofuna kudula DNA ndi imene ikusowa. Funso latsala ndi loti chafa n'chilolezo kapena lumo. Kwa mwana uyu ndingaloze chilolezo. Malangizo a CD40L ali pa kulomozomu X, choncho vutoli limagwira ana aamuna kudzera kwa mayi, zimene zikugwirizana ndi nkhani ya malume uja. Komanso CD40L yomweyo ndi imene selo la T limadzutsira maselo odya tizilombo, ndiye ikasowa pamabwera PCP ndi kutsegula m'mimba kwa kachilombo ka m'madzi ka Kiriputosiporidiyamu. Likanakhala lumo la AID, mwana akanatha kukhala wamkazi kapena wamwamuna, anabele ndi matonsilo akanatupa kwambiri, koma PCP sikanayembekezeka, chifukwa maselo ake a T ali bwino.

Matendawa amatchedwa a IgM yochuluka, koma dzinali limasocheretsa: ana ambiri IgM yawo imakhala pamlingo wabwinobwino. Chizindikiro ndi kusowa kwa IgG ndi IgA pamene IgM ilipo. Ndi osowa kwambiri, mwina simudzawaona ntchito yanu yonse. Chithandizo chake ndi IgG ya m'diripi masabata atatu kapena anayi alionse, bakitirimu woteteza ku PCP, madzi owiritsa nthawi zonse, ndipo kumene n'kotheka, kumuika maselo atsopano a m'mafupa. Kwa inu a m'labotale pali msampha wina: mwana wotere, asanayambe IgG ya m'diripi, mukamuyeza IgG ya matenda alionse idzatuluka palibe, ngakhale atadwala kapena kulandira katemera.

Za mizere ija, lamulo la m'kalasi ndi loona pa kukumana koyamba ndi kachilombo, ndipo ngakhale pamenepo limafuna kalendala. Tengani chikuku. Mwana wabwera tsiku loyamba la zidzolo, mwatenga magazi, IgM palibe. Musalembe mumtima kuti si chikuku. M'masiku atatu oyamba a zidzolo IgM imatha kukhala isanakwane kuoneka. Magazi odalirika ndi a pakati pa tsiku la 4 ndi la 28. N'chifukwa chake tsiku limene zidzolo zinayamba liyenera kulembedwa pa fomu, ndipo fomu yopanda tsikulo ine ndimaibweza. IgG imatsatira patapita masiku ochepa n'kukhala moyo wonse.

Pa kukumana kwachiwiri lamulo limasweka. Maselo okumbukira anadula kale DNA, ndiye akadzuka amathira IgG nthawi yomweyo, yambiri, pamene IgM imakhala yofooka kapena yosaoneka. Munthu akudwala lero koma mzere ndi wa IgG wokha. Chothandiza pamenepo ndi magazi awiri otalikirana masabata awiri, n'kuona ngati IgG yakwera kanayi kapena kupitirira. IgM nayonso imanama. Pa matenda ena imatsalira miyezi yambiri wodwala atachira. Malungo amadzutsa maselo a B ambirimbiri osakhudzidwa n'komwe, ndipo IgM, ndi manja ake 10 aja, imakakamira mosavuta pa zinthu zongofanana. Mzere wofiirira pang'ono wa IgM ya taifodi kwa munthu wa malungo sindiupatsa ulemu wambiri. Kumene kuli kotheka, kumeretsa mabakiteriya a m'magazi n'kumene kumaweruza.

Kwa khanda lamulo limatembenuka. IgG imene mwaipeza mwa mwana wa masabata 6 kwambiri ndi ya mayi ake. Ndicho chifukwa mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV sitimuweruza ndi kachipangizo ka maantibodi. IgG ya mayi ikhoza kuonekabe mpaka miyezi 18, ndiye pa masabata 6 timatenga madontho a magazi papepala kukayeza DNA-PCR. IgG ya mayi yomweyo ndi imene ingafooketse katemera wa chikuku akaperekedwa msanga, n'chifukwa chake timadikira miyezi 9. Koma mukapeza IgM ya rubela mwa khanda la masiku ochepa, imeneyo sinadutse nsengwa. Waipanga yekha ali m'mimba, ndipo a kuwodi ayenera kuuzidwa tsiku lomwelo kuti amuone maso, makutu ndi mtima.